Kalata yopempha kope lotsimikizika la setifiketi ya kampani: mmene ndinayendera kuchokera ku Zomba

Kope lija lili m'manja tsopano, chidindo chake chikuoneka bwinobwino, koma landidyera ulendo wowonjezera, umene ukanapeweka, wa ku ofesi ya mlembi wa makampani ku Blantyre. Setifiketi yathu yoyambirira inanyowa denga la ofesi litadontha, inki n'kumwazika mpaka nambala ya kampani inasiya kuwerengeka. Banki ina muno mu Zomba, potsegula akaunti yachiwiri ya kampani, inati tibweretse kope lotsimikizika. Mawu awiri amenewa ndi amene anandisokeretsa.

Kope lotsimikizika lilipo la mitundu iwiri, ndipo amene akukufunsaniyo kawirikawiri satchula kuti akufuna liti. Loyamba ndi fotokope imene mumapita nayo kwa loya kapena kwa majisitireti, iye n'kuyerekeza ndi setifiketi yeniyeni, n'kudinda kuti zikufanana. Munthu ameneyu akuchitira umboni pepala limene waliona ndi maso ake, basi. Ngati setifiketi yeniyeniyo inatayika kapena inafufutika ngati yathu, alibe choyerekezera, ndipo wodziwa ntchito yake akukanizani. Lachiwiri ndi lochokera kwa mlembi wa makampani mwiniwake. Iye amatenga zimene zili mu kaundula wa boma, n'kutsimikiza ndi siginecha ndi chidindo cha ofesi yake kuti ndi zomwezo. Ili ndiye lolemera, ndipo ndi limene limafuna kalata. Ine ndinataya sabata yathunthu ndikuzungulira ndi fotokope yakale ya m'kabati, kufuna woidinda. A kubanki aja anadzanena pa ulendo wachitatu kuti, "Ayi bambo, ife timafuna la kwa mlembi." Akanangonena tsiku loyamba! Choncho musanalembe kalikonse, funsani wofunayo kuti atsimikize ndani, ndiponso chidindocho chisapitirire miyezi ingati, chifukwa ena sakhulupirira chidindo chakale.

Kalatayo payokha ndi yaifupi, tsamba limodzi silidzaza. Imalembedwa m'Chingerezi monga makalata ambiri opita ku maofesi a boma, pa pepala la kampani lija lokhala ndi dzina ndi keyala pamwamba. Mumalembera `The Registrar of Companies`, ndipo pa mutu wa kalata mumatchula chikalata chimene mukufunacho ndi dzina lake lenileni, `Certificate of Incorporation`, kenako dzina la kampani ndi nambala yake. Musalembe kuti mukufuna "mapepala a kampani" kapena "setifiketi ya bizinesi". Setifiketi ya dzina la bizinesi, ija amatenga munthu wochita malonda payekha kapena anthu ogwirizana, ndi chinthu china, ili pansi pa lamulo lake la 2012. Ya kampani ili pansi pa lamulo la makampani la 2013, ngakhale kuti ya amene munalembetsa kalekale monga ife inatuluka pansi pa lakale la 1984. Mukasakaniza, wofufuzayo akayang'ana mu kaundula wolakwika ndipo sakupezani.

Ndime yoyamba inene amene mukulembanu ndi udindo wanu mu kampani. Yachiwiri ipereke zinthu zitatu zopezera failo: dzina lonse, nambala, ndi tsiku limene kampani inalembetsedwa. Yachitatu inene chifukwa chake mu chiganizo chimodzi, kuti setifiketi inaonongeka ndi madzi ndipo banki ikufuna kope, komanso kuti mukufuna makope angati. Pomaliza mutchule zimene mwaphatikiza ndi kalatayo, muike nambala ya foni ya munthu amene amayankhadi, musayine, mudinde. Mbiri ya mmene denga linadonthera isiyeni, palibe amene akuifuna.

Pa dzinapo ndi pamene ndinagwa. Dzina lilembedwe chilembo ndi chilembo monga lilili mu kaundula, osati monga lilili pa chikwangwani cha pa shopu kapena pa galimoto. Kampani yathu anthu a ku Chinamwali ndi ku Matawale amaidziwa ndi dzina lalifupi, ndipo pepala lathu la makalata linasindikizidwa ndi dzina lomwelo. Koma mu kaundula muli mawu ena awiri pakati, muli chizindikiro cha `&` pamene ife timalemba liwu lonse, ndipo kumapeto kuli `Limited`. Nambala nayo ndinaikopera pa setifiketi yonyowa ija, 3 ndinamuona ngati 8. Ndinanyamuka pa depoti m'bandakucha, kudutsa Thondwe, Namadzi, Njuli, kutsika ku Limbe, kukwera ina yolowa m'tauni, kukhala pa mzere, n'kungomva kuti dzina ili ndi nambala iyi sizikugwirizana ndi kampani iliyonse. Mayi wa pa kauntala sanalakwe, anachita kunditembenuzira kalata yanga n'kuloza ndi cholembera pa nambala. Sangaganizire m'malo mwanga kuti mwina ndimatanthauza kampani yakuti, chifukwa mayina ofanana alipo ambiri. Koma tsiku linapita, ndalama ya minibasi inapita, ndipo kunyumba ndinafika kutada ndili chimanjamanja.

Nambala yolondola inali pafupi nthawi yonseyi. Imapezeka pa malamulo oyendetsera kampani amene munapereka polembetsa, pa mafomu a chaka ndi chaka amene munatumizapo, ngakhale pa mapepala amene munasiya ku banki potsegula akaunti yoyamba. Yerekezani malo awiri musanailembe. Ndipo musaisokoneze ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Ambiri amaiika imeneyo poti ndi imene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pa ma invoisi, koma kwa mlembi wa makampani siitsegula failo.

Ndisanaiwale, pali chimene ndinachitiratu kalata isanalembedwe n'komwe. Mlangizi wina wa za bizinesi anatiuza kuti kusiyana n'kuvutika, tingolembetsa kampani ina yatsopano ya dzina lofananako, setifiketi ituluka msanga. Ndinakana, ndipo nanunso mukane. Kampani yatsopano pa lamulo ndi munthu wina: nambala ina, tsiku lobadwa lina, nambala ya msonkho ina. Makontirakiti onse amene munagwira, amene mumaonetsa popikisana pa matenda, amatsalira kwa yakale ija, pamodzi ndi akaunti ndi ngongole zake. Kope lotsimikizika ubwino wake ndi womwewo, limasunga tsiku loyambirira limene kampani inalembetsedwa.

Za wosayina kalata. Ulendo woyamba uja kalata inasayinidwa ndi wowerengera ndalama wathu, munthu wodalirika amene wagwira nafe zaka zambiri, koma dzina lake mu kaundula mulibe. Pa ulendo wachiwiri anasayina dailekitala amene dzina lake lili mu failo, ndipo tinaphatikiza fotokope ya chiphaso chake cha unzika, kutsogolo ndi kumbuyo. Mlembi wa kampani yanu, ngati munamulembetsa, angathenso kusayina. Apa yang'anani bwino ngati madailekitala anasinthapo. Makampani ambiri a pabanja, bambo akamwalira mwana amangolowa pa mpando, ofesi ya mlembi wa makampani osaidziwitsa. Mwanayo akasayina kalata ngati dailekitala, failo imakhala ikunenabe za malemu, ndiye nkhani imayamba yokonza zimenezo kope lisanatuluke. Ngati wonyamula kalata ndi wina, osati wosayinayo, onjezani chiganizo chimodzi chomutchula dzina ndi kumupatsa mphamvu zolandira kopelo, nayenso atenge chiphaso chake.

Zophatikiza zina zimatengera chimene chinachitikira setifiketi. Yathu poti inalipo, ngakhale yamakwinya ndi yamadontho, ndinaitenga mu envulopu ya pulasitiki kuti aione. Ikakhala kuti inabedwa kapena inasowa, tengani kalata ya kupolisi, kapena chikalata cholumbira pamaso pa loya kuti inatayikadi. Mwina sakakufunsani, koma kuchokera ku Blantyre kubwerera ku Zomba chifukwa cha pepala limodzi kumapweteka kuposa kulinyamula pachabe.

Ngati kampani inasinthapo dzina, nambala imakhala yomweyo koma setifiketi yoyamba imakhala ndi dzina lakale. Mukapempha iyo yokha, a kubanki adzaona dzina lachilendo n'kukubwezani. Mu kalata tchulani mayina onse awiri, ndipo pemphani kope la setifiketi yosinthira dzina nthawi yomweyo.

Kulipira kumabwera failo itapezeka. Funsani mtengo wa kope limodzi pa tsikulo, lipirani kumene akuuzani a pa kauntala, ndipo musapereke ndalama popanda lisiti la boma. Panja pamakhala madobadoba olonjeza kuti akutulutsirani lero lomwe, musawapatse kalata yanu. Lisitilo lijambuleni pa foni musanalipereke kulikonse. Ine ndinapempha makope atatu, limodzi la banki, lina lopikisanira makontirakiti, lina losunga kunyumba kutali ndi denga lija. Kulipira makope awiri owonjezera n'kotchipa poyerekeza ndi ulendo wina. Konzekeraninso kufunsidwa za mafomu a chaka ndi chaka. Failo ikatsegulidwa zaka zimene simunatumize zimaonekera poyera, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti mwatsalira zingati kusiyana n'kudzidzimukira pa kauntala.

Amene munalembetsa posachedwapa kudzera pa `MBRS`, njira ya pa intaneti yolembetsera mabizinesi, yambani mwalowa pa akaunti yanu, chifukwa dzina ndi nambala zili pomwepo monga zilili mu kaundula, mungokopera. Ife akale mafailo athu anayambira pa mapepala, ndiye kuwapeza kumatenga nthawi, ndipo tsiku lolembetsera lija limathandiza wofufuza kudziwa poyambira.

Kalata sindikizani ziwiri. Imodzi isiyeni, inayo apempheni adinde kuti alandira, ndi tsiku lake. Nditaimba foni patapita masiku angapo, funso loyamba linali lakuti munasiya liti ndipo lisiti ndi nambala chani, ndinangowerenga pa pepala langa. Musanyamuke ku Zomba musanamve kuti kope lakonzeka.

Polandira, ndinaima pa kauntala pomwepo n'kuwerenga ndi chala mzere ndi mzere: dzina ndi `&` wake, nambala ndi 3 wake, tsiku lolembetsera, siginecha, chidindo ndi tsiku limene adinda. Chidindo cha pa kope lachitatu chinali chosaoneka bwino m'mphepete, ndinapempha adindenso, anachita popanda vuto. Ku banki ndinasiya limodzi m'mawa mwake, ndipo awiri otsalawo sindinawamate pulasitiki yotentha ija, poti ena amakana chikalata chomatidwa chifukwa sangathe kukhudza chidindo ndi inki yake.