Khadi yakanidwa? Onani kaye dziko la akaunti musanagule vawucha

Abale anga a magemu kuno ku Blantyre, dzulo khadi yanga ya ku banki yakanidwanso pa PlayStation Store, ndalama zilimo. Vuto si ndalama ayi. Malawi mulibe pa mndandanda wa mayiko a sitoloyi, ndiye tonsefe tinatsegula maakaunti a ku South Africa kapena ku America, ndipo khadi ya kuno sigwirizana ndi dziko limenelo.

Njira yomwe ndimaidalira ndi vawucha. Koma chonde, vawucha ya marandi imalowa pa akaunti ya ku South Africa yokha, ya madola pa ya ku America yokha, ndipo dziko la akaunti silisinthika. Mphwanga wa ku Ndirande anagula ya madola 20, akaunti yake ili ya ku Joni. Anabwereza kulemba zilembo 12 za nambala ya pa vawuchayo mpaka nkhope kugwa, osatheka. Zinandiwawa, zinali ndalama za ganyu.

Mukamagula kwa munthu, kumanani maso ndi maso, mulowetse nambalayo pa "Redeem Codes" iye ali pomwepo, muone ndalama zalowa, kenako mulipire. Wofuna pasiwedi yanu kuti "akuikireni gemu", mukaneni.