Sabata yomwe ndimakonza mayeso a pulakitiko a Excel

Lolemba m'mawa ndangotsika kabaza kuchokera ku Chinamwali, ahedi a pamalo pomwe ndimaphunzitsa kompyuta kuno ku Zomba anandiitana kuti aphunzitsi, gulu la miyezi itatu lija lilemba pulakitiko ya Excel Lachisanu, tikonzereni funso limodzi la mphindi 40 pamodzi ndi pepala lochongera, chifukwa ochonga mukhala awiri. Funsolo silinandiopse, chomwe chinandikhalitsa pansi ndi pepala lochongeralo. Ulendo wapitawo tinachonga anthu awiri popanda kugwirizana, wina amangoona manambala pa sikirini n'kupereka malikisi, ine ndimatsegula selo iliyonse, mapeto ake ana awiri amene anachita zofanana anasiyana malikisi kutali ndipo zinandipweteka mtima.

Nde tsiku limenelo ndinangosankha nkhani. Ana athu ambiri ndi a ku Songani, Jali, Thondwe uko, zogulitsa mbewu amazidziwa, choncho ndinapanga tebulo la munthu wogulitsa mbewu za eni ake amene amadya komishoni. Mitengo ndinangoika yophunzirira, si ya pamsika. Mitu ili pa mzere 3, katundu akuyamba mzere 4 mpaka 8, kolamu A dzina, B makilo, C mtengo wa kilo imodzi. Mpunga makilo 120 pa K2,500, nandolo 80 pa K1,200, nyemba 45 pa K3,000, mtedza 60 pa K2,000, chimanga 200 pa K900. Pamwamba mu selo B1 ndinaikamo 5% ya komishoni payokha, B2 n'kusiya yopanda kanthu. Manambalawa ndinaganiza zowapatsa olemba kale mu fayilo, chifukwa ndikati alembe okha, mphindi 15 zimathera kusaka mabatani ndipo pamenepo ndikuyesa liwiro la zala osati Excel.

Lachiwiri ndinakhala pansi kuyankha ndekha funso langa, chifukwa pepala lochongera limachokera pa fayilo ya mayankho, osati m'mutu. Zomwe ndikufuna mwana alembe ndi zinayi basi:

```
D4: =B4*C4
D9: =SUM(D4:D8)
E4: =D4*$B$1
F4: =IF(D4>=120000,"Zayenda","Zachepa")
```

Kolamu D ikutulutsa 300,000, 96,000, 135,000, 120,000 ndi 180,000, zonse pamodzi 831,000. Komishoni mu E ndi 15,000, 4,800, 6,750, 6,000 ndi 9,000, kuphatikiza 41,550. Mtedza uja ndinachita dala kuti ugwere ndendende pa 120,000. Funso likuti ndalama zikafika 120,000 kapena kupitirira ilembe Zayenda, nde amene waika > yekha osaika = mizere inayi imukhalira bwino koma pa mtedza imulembera Zachepa. Pakanapanda nambala yokhala pamalirepo, wolondola ndi wolakwa akanaoneka chimodzimodzi ndipo wochonga wotopa sakanazindikira.

Pa komishoni ndi pomwe pali mtima wa funso lonse. Ndinayesa dala kulakwitsa mmene ana amalakwitsira, kulemba =D4*B1 popanda zizindikiro za dola kenako kukokera pansi. Mzere woyamba umatuluka bwinobwino 15,000, mwana amasangalala. Mzere wachiwiri fomula imasuntha n'kukhala D5*B2, ndipo poti B2 mulibe kanthu imatulutsa 0. Wachitatu imakagunda mutu wa kolamu umene ndi mawu, nde imalemba #VALUE!. Awiri otsalawo imachulukitsa ndi makilo a mpunga ndi a nandolo, onse awiri amatuluka 14,400,000, komishoni yoposa ndalama za katundu yemwe. Manambala amenewa ndinawalemba pa pepala lochongera, kuti wochonga akangoona 15,000, 0, #VALUE! ndi mamiliyoni awiriwo adziwe pompo kuti mwanayu kuchulukitsa akukudziwa, chomwe wasowa ndi kumanga selo, ndiye asamulande zonse.

Lachitatu ndinapatsa madamu amene ndichonge nawo kuti alembe ngati mwana wa sukulu, ine ndili pambali ndi wotchi osayankhula. Anamaliza mphindi 12, zomwe zinandiuza kuti 40 ya ana ikwana. Koma nditatsegula E4 ndinapeza alemba =D4*0.05. Ndinati madamu, bwanji simunagwiritse B1? Iwo anati, aphunzitsi, mwalemba pati kuti ndigwiritse B1? Mwangoti werengerani komishoni ya 5%, ndipo yankho langa ndi lolondola. Ananena zoona. Zomwe ndimafuna zinali m'mutu mwanga, pa pepala panalibe, ndipo ndikanamulanda mwana malikisi pa chinthu chomwe sindinamufunse. Ndinakonza chiganizocho kuti chinene momveka: lembani fomula imodzi mu E4 yogwiritsa ntchito selo B1, kenako muikopere mpaka E8. Pa IF naponso ndinalemba mawu awiri aja ndendende mmene ayenera kutulukira, ndi selo yoyambira, chifukwa funso losatchula selo limapangitsa kuti aliyense aike yankho pomwe wafuna, wochonga n'kumasakasaka.

Titatero tinagawa malikisi 20. Kolamu D 3, SUM 2, komishoni 5, IF 5, maonekedwe 3, kuseva ndi dzina loyenera 2. Koma kungolemba kuti komishoni 5 sikuthandiza aliyense, nde ndinaiphwanya: 2 pa kuchulukitsa D ndi peresenti, 2 pa kumanga B1, 1 pa kufikitsa mizere yonse isanu. IF nayo 2 pa chofananitsa, ndipo amene waika > yekha apeza 1, kenako 2 pa mawu awiriwo kukhala malo ake oyenera, 1 pa kukopera. Maonekedwe ndinatchula zinthu zitatu zooneka ndi maso, mitu yakuda kwambiri, chizindikiro cha koma cholekanitsa masauzande, ndi kolamu yotambasula kuti pasaoneke #####. Mawu ngati "tebulo looneka bwino" ndinawachotsa, kukongola aliyense amakuona kwake.

Pamene tinatsutsana kwa nthawi ndi pa njira zina zolondola. Tinagwirizana msanga kuti =PRODUCT(B4,C4) ndi yabwino, B$1 ndi yabwinonso chifukwa tikukokera pansi ndipo chofunika kumanga ndi mzere, komanso amene watembenuza IF n'kuyamba ndi D4<120000 kenako Zachepa, Zayenda, walondola kwathunthu. Koma nanga amene walemba pamanja mzere uliwonse, =D4*B1, =D5*B1, mpaka pansi? Mayankho ake onse ndi olondola, ukasintha B1 amasintha. Madamu amati apatsidwe zonse. Ine ndinakana, chifukwa funso tsopano likuti fomula imodzi yokopera, ndipo tebulo litakhala la mizere 300 munthu ameneyu sangalimalize. Tinathera pakuti ataya 2 ya kumanga selo ija basi, zina atenge, ndipo tinazilemba pa pepalapo kuti Lachisanu tisayambirenso mkangano.

China chomwe ndinaumirira kuti chilembedwe ndi kusamulanga mwana kawiri pa cholakwa chimodzi. Tinene kuti wina mu D waphatikiza m'malo mochulukitsa, =B4+C4. D4 yake ikhala 2,620, ndipo zonse pamodzi 10,105 osati 831,000. Wochonga amene akungoyang'ana 831,000 amudula pa SUM, pa komishoni ndi pa IF pomwe, mwanayo n'kutsala ndi malikisi a maonekedwe ndi kuseva okha. Koma ngati SUM yake ndi =SUM(D4:D8) ndiye walemba bwino, yangophatikiza manambala olakwika. Nde lamulo ndi loti ataye pa D pokha, kwinako tione fomula osati nambala.

Lachinayi linali la labu. Ndinakopera fayilo pa makompyuta onse ndi fulashi, n'kuitsegula pa iliyonse, ndipo mwayi kuti ndinatero chifukwa makina awiri amakana IF ija. Masetingi a dziko pa makinawo anali ena, amafuna semikoloni m'malo mwa chizindikiro cha koma pakati pa zigawo za fomula. Mwana akanakhala pamenepo akanalemba zolondola, Excel n'kumamukanira, iye n'kumadziona ngati mbuli. Ndinasintha masetingiwo kuti afanane ndi enawo. Pamwamba pa pepala la mafunso ndinasunthirapo langizo la kuseva kuti likhale loyamba, aseve ndi nambala yawo ya mayeso asanayambe chilichonse, kenako azidina Ctrl+S akamaliza gawo lililonse, chifukwa magetsi akathima pakati pa mayeso ntchito yosaseva imapita yonse ndipo palibe chochonga.

Madzulo ake ndinalemba pamwamba pa pepala lochongera njira yotsegulira fayilo iliyonse. Choyamba dinani Ctrl pamodzi ndi batani la ` lomwe lili pansi pa Esc, mafomula onse amaonekera nthawi imodzi m'malo mwa mayankho, ndipo selo yomwe munthu anangolembamo nambala imaonekeratu. Kenako bwererani, sinthani B1 kukhala 10%, komishoni ya mpunga ikuyenera kudumpha kufika 30,000. Sinthaninso makilo a mpunga kukhala 100, D9 itsike kufika 781,000. Chosasuntha ndiye kuti chalembedwa pamanja kapena sichikuloza selo yoyenera. Mukatha tsekani osaseva, kuti ntchito ya mwana ikhale mmene anaisiyira ngati atadzadandaula.

Lachisanu analemba, magetsi anatichitira chifundo. Masana tinayamba ndi mafayilo atatu kuchonga tonse awiri aliyense payekha osaonetsana, kenako kufananitsa. Awiri tinafanana ndendende, wachitatu tinasiyana ndi 1 chifukwa mwanayo analemba Zayenda ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, madamu anadula, ine ndinapereka. Pepala lathu silinanenepo kanthu pa zimenezo, nde tinawonjezera ndi bolopeni kuti kukula kwa zilembo tisakuwerengere, kenako tinagawana otsalawo.

Fayilo ina inandiimitsa. Mtsikana wina wakhama, amene sajomba, manambala ake onse anali olondola mpaka 831,000, tebulo laukhondo, koma nditadina Ctrl ndi ` panalibe fomula ngakhale imodzi. Anawerengera pamanja pa pepala la mafunso n'kumalowetsa mayankho, ndipo kuseri kwa pepalalo kunali kodzaza masamu. Mwa 20 anapeza 5, ya maonekedwe ndi kuseva. Ndinakhala kaye chete chifukwa ndikudziwa mmene makolo amavutikira kupeza fizi, koma sindikanamupatsa malikisi a chinthu chomwe sanachite. Ndauza ahedi kuti Lolemba ndikhala naye ola limodzi ndi ena atatu amene anagwa pa kumanga selo, tiyambire pa chizindikiro cha = ndi batani la F4 lomwe limaika zizindikiro za dola zomangira selo, ndipo ndikonzanso tebulo lina la manambala atsopano loti adzalembe kachiwiri.