Ndamaliza The Last of Us, koma nkhani ya chipinda cha opaleshoni ija sinandichoke

Chenjezo kaye, muno ndaulula mathero onse, ndiye ngati simunamalize lekezani pompano.

Pa mndandanda wanga wa magemu omwe ndikumaliza n'kumalemba za mathero ake, ulendo uno ndafika pa The Last of Us, ya Naughty Dog ija inatuluka 2013 pa PS3, ngakhale ine ndasewera Remastered ya pa PS4. Nditamaliza ndinabwerezanso chaputala cha kuchipatala chija mwadala, kufuna kuona kuti ndi pati penipeni pomwe gemuyi imandilola kusankha ndipo ndi pati pomwe imangondigwira dzanja.

Mukukumbukira mmene zimakhalira. Joel ndi Ellie, mtsikana yemwe matenda a bowa wa Cordyceps samugwira, afika ku Salt Lake City, Ellie watsala pang'ono kumira mu ngalande yodzadza madzi ija, a Fireflies, gulu la oukira lomwe likufunafuna katemera, awapeza n'kumumenya Joel mpaka kukomoka. Joel podzuka, Marlene mtsogoleri wa a Fireflies akumuuza kuti Ellie akumukonzekeretsa opaleshoni, ndipo poti Cordyceps imamera mu ubongo, kuti apeze katemera ndiye kuti mwanayo afa basi. Kuyambira pamenepo palibe amakufunsa maganizo. Msilikali womuperekeza uja Joel amamuombera yekha iwe utangogwira kontrola kumaonerera, kenako gemu ikukubwezera mfuti kuti kwera pamwamba. Podutsa m'makolido mo ufulu ulipo ndithu, utha kuzemba mwakachetechete, kuponya botolo kuti asilikali ayang'ane kumbali, kapena kungoyatsa moto ndi zonse zomwe wakhala ukusunga. Koma ndi ufulu wa kayendedwe chabe, kopita n'kumodzi.

Chipinda chenichenicho ndi chomwe ndinakhalitsamo. Ukatsegula chitseko umapeza anthu atatu ovala za opaleshoni, Ellie ali gone pa tebulo, dokotala wamkulu n'kutola kampeni kake kukuloza nako kuti usayandikire. Ndinangoima osadina kanthu, palibe chinachitika, iye ali chiimire ine ndili chiimire. Ndinayesa kumulambalala kuti ndikangonyamula mwana, sizitheka, ukayandikira Joel amamulanda kampeniko n'kumubaya nako pakhosi. Ndinayesanso kumuombera phazi poganiza kuti mwina angogwa n'kukhala moyo, amafabe. Ndiye dokotala uja anafa kalekale pomwe ankalemba sitoriyi, chomwe anakusiyira n'choti chala chako ndicho chidine.

Koma awiri enawo ayi. Amenewo utha kuwasiya, amangonjenjemera m'mbali, umanyamula Ellie n'kutuluka gemu osakuletsa. Ndikuona kuti apa ndi pokhapo pomwe pali chisankho chenicheni mu chipinda chonsecho, ndipo gemu simakuuza n'komwe kuti pali chisankho, palibe mawu pa sikilini, palibe mphotho, mathero sasintha. Mnzanga yemwe tinkakambirana nkhaniyi anati iye anapha onse atatu osaganiza n'komwe chifukwa anali atatentha mutu ndi nkhondo ya m'makolido ija, anadabwa nditamuuza kuti awiriwo sunali mokakamiza. Nkhope yake inasintha ndithu. Imfa ya dokotala atha kuikankhira kwa Joel, koma ya awiri aja ndi yake.

Tsono funso lomwe ambiri timakangana ndi loti, bwanji sanatipatse mabatani awiri, lina kupulumutsa Ellie lina kupulumutsa dziko? Life is Strange ya 2015 inachita zimenezo, pamapeto umasankha pakati pa Chloe ndi tauni ya Arcadia Bay, ndipo kumeneko zimakwana chifukwa gemu yonse wakhala ukusankha zonena ndi zochita za Max, mnzake wa Chloe yemwe umamuyendetsa. Kuno ndi zina. Joel si ine, ndi bambo yemwe mwana wake Sarah anamufera m'manja koyambirira kwa gemu ataomberedwa ndi msilikali, zaka 20 zapitazo. Munthu ameneyo kumupatsa batani loti asiye mwana wina afere pa tebulo ndiye kuti maola onse tamuonera aja anali abodza. Ndipo taonani pomwe wanyamula Ellie kuthamangira ku chikepe, mfuti sungagwire, ukungothamanga matochi akukuwalira kumbuyo, ndi mmene unathamangira ndi Sarah usiku woyamba uja. Manja anga anakumbukira mutu usanakumbukire.

Chomwe chandigwira kwambiri ulendo wachiwiriwu ndi nkhani ya kudzipereka. Mu gemuyi muli munthu yemwe anadziperekadi mwa kufuna kwake, Tess, mnzake wa Joel. Atalumidwa ku Boston anasankha yekha kutsalira kuti achedwetse asilikali, anauza Joel kuti pita naye mwanayu. Imeneyo ndi nsembe yomwe mwini wake wavomera. Ya Ellie siili choncho. Inde atangoona akadyamsonga aja Joel amamuuza kuti atha kungobwerera kwa Tommy mng'ono wake, Ellie n'kukana kuti zonse adutsamo zisapite pachabe, ndiye tikudziwa komwe mtima wake unali. Koma nthawi imeneyo sankadziwa kuti mtengo wake ndi moyo wake. Kuyambira pomwe anamira mpaka kudzuka mu galimoto sanatsegule maso. A Fireflies sanadikire kuti adzuke amufunse, Joel nayenso sanamufunse. Marlene pamalo oimika magalimoto paja akunena kuti Ellie akanafuna zimenezi, mwina akunena zoona, koma bwanji sanamudzutse kuti amve kuchokera pakamwa pake? Mbali zonse ziwiri zikumulankhulira mwana yemwe ali chigonere.

Apa mpomwe ndinaona kuti kundilanda chisankho kuja sikunali ulesi wa opanga gemu. Chigawo chomaliza, pa njira yopita ku Jackson kwa Tommy, amakupatsa Ellie osati Joel. Ukuyenda kumbuyo kwake, iye akucheza momasuka za Sarah kuti mukanagwirizana, iwe wosewera ukudziwa zonse zomwe wachita, bodza lomwe wanena mu galimoto loti pali anthu ena ambiri omwe matendawa sawagwira ndipo a Fireflies asiya kufunafuna mankhwala. Koma munthu yemwe ukumuyendetsa alibe umboni, ndipo palibe batani loti umuuze. Zomwe ungathe ndi kuyenda, kudutsa pa waya, kukwera pomwe wakukokera. Kusowa mphamvu komwe ndinamva mu chipinda cha opaleshoni kuja ndi komwe Ellie ali nako pa moyo wake womwe, ena amusankhira.

Pali pomwe sindikugwirizana nawo komabe. Marekoda ndi kabuku ka Marlene zomwe umatola m'chipatala zimaonetsa kuti mayiyu zinkamupweteka, analonjeza mayi ake a Ellie kuti adzamusamala. Koma zinthu zimenezi n'zosavuta kuziphonya pomwe zipolopolo zikukuzungulira, ndipo ukaziphonya a Fireflies amangooneka ngati zigawenga zina zomwe wakhala ukupha njira yonse. Mbali ya Joel anakupatsa maola ambirimbiri, mbali ya katemera anaibisa m'madirowa. Sikelo yake inapendekeka, n'chifukwa chake ambiri timatuluka tikuti Joel analondola osavutika mumtima n'komwe.

Pamapeto Ellie amatchula anzake Riley, Tess ndi Sam, onse omwe matendawa anawagwira n'kumwalira iye n'kutsala, kenako akumuuza Joel kuti alumbire kuti zonse ananena za a Fireflies n'zoona. Joel akulumbira. Iye akumuyang'ana kanthawi n'kuyankha liwu limodzi, "Okay." Ine ndikuwerenga kuti sanakhulupirire, wangosankha kukhala nalo bodzalo chifukwa Joel ndi yekhayo wamutsalira, ndipo m'chigawo chonse chomalizachi ndi chinthu choyamba chomwe wasankha yekha, nachonso kontrola ili chete m'manja mwanga.

Chotsatira ndi Left Behind, ndikufuna ndione nkhani ya Riley yo bwinobwino ndisanakhudze Part II.