Musanapite ndi ana ku mpikisano, mverani zimene a lifali anatiuza

Ndangofika kunyumba kuchokera ku mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 14, mutu ukuwawa koma mtima wakhala pansi chifukwa timu yanga yasewera magemu onse popanda redi khadi. Zolembetsa timu, kulipira, kupereka mayina ndi zithunzi sindikambapo zambiri, aliyense wophunzitsa ana amazidziwa. Chimene chinanditentha mtima ndi tsiku lonse la Lachisanu lomwe tinataya.

Okonza mpikisano anatiuza kuti timu iliyonse ibwere Lachisanu 9 koloko m'mawa, ana onse, a lifali akawayendere ndi kuwalankhula. Ine ndinachita hayala minibasi, ana 16, ena sanadye nkomwe. Tafika pabwalo palibe munthu. 11 koloko palibe. Foni ya mlembi wawo ikungoitana. Cha m'ma 2 koloko ndi pamene munthu wina akubwera kudzati zasintha, zonse zichitika mawa gemu yoyamba isanayambe. Uthenga wa pa foni umodzi wokha ukanatipulumutsa, koma ayi. Ndalama ya minibasi inapita, ndinagulira ana mandasi ndi ndalama ya m'thumba mwanga, makolo madzulo akundifunsa ine ngati kuti ndine ndasokoneza. Inu makochi, imbani foni usiku wake, funsani ngati a lifaliwo auzidwadi, musangonyamuka.

Loweruka ndiye a lifali anabweradi, bambo wachikulire ndithu, wenzulo ili m'khosi, ndipo asananene chilichonse anati ana onse aime mzere akweze masokosi. Mashinigadi. Ana anga anayi analibe. Anati opanda shinigadi salowa, lamulo la zovala likutero ndipo sokosi ikuyenera kuiphimba, nkhani yatha. Tinachita kubwereka ku timu yomwe imasewera masana. Gulani mashinigadi kusanache, ndikukupemphani.

Kenako anayang'ana m'khosi ndi m'manja. Kamnyamata kanga kena, difenda, kamavala kolona yomwe agogo ake anakapatsa, sikavula ngakhale posamba. Kanapempha kuti tiimate ndi selotepi pachifuwa. A lifali anakana, anati mkanda, chibangili, mphete, ngakhale kalabala ka pamkono, zonse zivulidwe, kumata tepi sikuloledwa. Anagwada n'kukauza kuti mwana wanga, wina akakoka chingwechi pothamanga khosi ndi lako. Kanavula misozi ili m'maso, ine ndinaisunga m'thumba la malaya mpaka gemu itatha.

Atawakhazika pa udzu anayamba ndi funso, ndani amakhulupirira kuti ukayamba kugunda mpira ndiye kuti si faulo? Manja onse m'mwamba, ngakhale makochi ena. Iwo anati bodza limenelo ndi lomwe limathyola ana miyendo. Anaitana ana awiri, anaika mpira pansi, n'kuonetsa pang'onopang'ono. Ukalowa mosasamala n'kumupinga mnzako, ndi firikiki basi, khadi palibe. Ukalowa osalabadira kuti mnzako avulala, mwachitsanzo kutsetsereka mothamanga n'kumusesa mwendo woimira, ndi yelo khadi. Ukalowa ndi mphamvu yopyola muyeso, mano a nsapato ali m'mwamba kulunjika pa msongolo, kapena kudumpha ndi miyendo yonse iwiri, ndi redi, kaya mpira unaugunda kaya ayi, kaya wachokera kutsogolo, m'mbali kapena kumbuyo. Anati ine sindiyang'ana mpira wokha, ndimayang'ana liwiro lako, pamene phazi lako lafikira ndi ngati unakatha kudziletsa. Apa ana anakhala chete zedi, chifukwa kwathu pa bwalo lafumbi kusesa munthu amakuombera m'manja.

Za kukoka jezi anadutsa mwachangu, anati kugwira munthu ndi faulo ngakhale asagwe, ndipo ukayamba kumugwira kunja kwa bokosi n'kupitiriza mpaka mkati, ndi penate. Phewa ndi phewa n'zololedwa ngati mpira uli pafupi ndipo sunatambasule mkono kukankha.

Ndaiwala, pakati pa nkhaniyi mlembi uja anabwera kudzanena kuti zithunzi za ana anga awiri zasowa, ndilipirenso kuti awalembe. Zithunzi zomwe ndinapereka m'manja mwake! Mwamwayi ndinali nditajambula fomu yonse pa foni tsiku lopereka, nditamuonetsa anangotembenuka. Jambulani chilichonse chomwe mwapereka, ndi lisiti yomwe.

Tibwerere kwa a lifali. Pa hendi anatenga nthawi chifukwa ndi pamene makolo amakuwa kwambiri. Anagwira pansi pa khwapa lawo, anati mkono umayambira apa, mpira ukagunda phewa si hendi. Komanso si mpira uliwonse wogunda mkono umene uli faulo. Iwo amaimba ngati mwana wapititsa dala mkono ku mpira, kapena watambasula mikono kudzikulitsa thupi mosagwirizana ndi momwe akusewerera. Koma sitiraika akagoletsa ndi mkono, kapena mpira wamugunda mkono n'kugoletsa nthawi yomweyo, chigoli kulibe ngakhale inali ngozi.

Chimene ine mwini ndinaphunzirapo chinali cha goloboyi. Zoti mnzake akamubwezera dala ndi phazi sagwira ndi manja tonse timadziwa, ndi mutu kapena chifuwa angagwire, koma mpira woponyedwa ndi mnzake kuchokera pa mzere sagwira. Chilango chake si penate, ndi firikiki ija yoti wina augunde kaye usanalowe, ndipo anawaonetsa chizindikiro, mkono umodzi m'mwamba. Ukaona mkono uli m'mwamba usamenye molunjika, mpira ukalowa osakhudza munthu ndi golokiki ya timu inayo. Ndiye anawonjezera chatsopano cha 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo imapatsidwa kona, ndipo masekondi 5 omaliza amawerenga ndi zala mkono uli m'mwamba. Goloboyi wanga amakonda kugona pa mpira tikamatsogola, ndinamuyang'ana iye n'kuyang'ana pansi. Gemu yachiwiri anawerengeredwa mpaka zala ziwiri, anauponya msanga.

Poponya mpira wotuluka anati manja onse awiri, uchokere kumbuyo kwa mutu, mapazi onse akhudze pansi pa mzere kapena kunja kwake, ukadzutsa phazi mpira upita ku timu inayo. Anati pa magemu a ana amaimba zimenezi kuposa china chilichonse, ndipo zoona, tsiku lomwelo ife tinaluza mipira itatu chonchi.

Pomaliza anaitana makaputeni, anati amene ali ndi funso abwere kaputeni yekha, modekha, manja kumbuyo. Kukuwira lifali kapena kumuombera m'manja monyoza ndi yelo, kutukwana kapena kulavulira munthu ndi redi. Mnzanu akagwa osadzuka kuwani kuti ndione, makamaka ngati wagunda mutu, ndipo mukamugwetsa mupatseni dzanja. Kenako anatembenukira kwa ife, anati makochi nanunso khadi ndimakupatsani, mwana akamva inu mukukuwa kuti muthyole, amathyoladi. Kochi wina anaseka, masana omwewo anaonetsedwa yelo chifukwa cholowa m'bwalo kukatsutsa ofusayidi.

Ife tinatuluka mu semi pa mapenate. Lolemba ndikukagula mashinigadi mapeya asanu kuti azikhala m'chikwama cha timu, ndipo za minibasi ya Lachisanu ndalembera kale kalata okonzawo kuti atibwezere.