Ndani wagula zopitirira K5,000? Manje ndamvetsa FILTER ndi UNIQUE

Funso lakuti "ndipatseni makasitomala amene agula zopitirira K5,000" lili ndi mafunso awiri mkati mwake, ndipo ba ticha athu a kalasi ya madzulo ya Excel sananene zimenezi olo kamodzi. Loyamba ndi lakuti ndani anagulapo katundu wopitirira K5,000 pa lisiti limodzi. Lachiwiri ndi lakuti ndani amene malisiti ake onse ukawaphatikiza akupitirira K5,000. Fomula imene anatilembera pa bolodi imayankha loyamba chabe, koma munthu aliyense wa holuselo ku Kamwala akakufunsa funso ili amatanthauza lachiwiri, kaili iye akufuna kudziwa amene amamubweretsera ndalama mwezi wonse kuti amuchotsereko mtengo kapena amukhulupirire pa ngongole.

Sindifotokoza za kutayikira kwa mayankho m'maselo apansi, nonse amene muli ndi Excel 2021 kapena Microsoft 365 munaziona kale. Tiyeni tipite pa manambala. Mayina awa ndi achitsanzo chabe, dzina lili mu A, ndalama mu B, kuyambira mzere 2 mpaka 9, ndipo malire a 5000 ndawaika mu E1.

```
Banda   2000
Phiri   6500
Banda   1800
Tembo    900
Banda   1700
Zulu    5000
Phiri   7000
Tembo   1200
```

Ya pa bolodi ija ndi iyi:

```
=UNIQUE(FILTER(A2:A9, B2:B9>E1))
```

Imatulutsa Phiri yekha. Ndipo sikuti ndi yolakwika ayi, FILTER yayang'ana mzere uliwonse pawokha, yapeza 6500 ndi 7000, yatulutsa Phiri kawiri, UNIQUE yachotsa wobwereza. Koma taonani a Banda. Anabwera katatu, 2000, 1800, 1700, zonse pamodzi 5500, adutsa malire bwinobwino koma pa mndandanda palibe chifukwa palibe tsiku limene anagula zambiri kamodzi. Ndipo kasitomala wotere, wobwera pafupipafupi ndi tochepa, ndiye wochuluka pa malonda a kuno. Ndiye fomula imene imataya a Banda yataya anthu amene mwini shopu amawadziwa ndi nkhope.

Chimene chinanditsegula mutu ndi ichi, ndipo ndichibwereza mpaka mutope. Gawo lachiwiri la FILTER ndi kolamu yeniyeni ya TRUE ndi FALSE imene sukuiona, ndipo iyenera kutalika mofanana ndendende ndi chinthu chimene ukusefa. Ukalemba `=B2:B9>E1` mu selo yopanda kanthu udzaiona ikutsika, mizere 8, FALSE, TRUE, FALSE, FALSE, FALSE, FALSE, TRUE, FALSE. FILTER imangoika kolamuyi pambali pa mayina n'kutenga amene ayang'anizana ndi TRUE, basi, ilibe nzeru zina. Ukazimvetsa izi ndiye uona chifukwa chake anthu ambiri m'kalasi akafuna kukonza nkhani ya a Banda amalemba izi n'kukhumudwa:

```
=FILTER(UNIQUE(A2:A9), B2:B9>E1)
```

Apa UNIQUE yatulutsa mayina 4, Banda, Phiri, Tembo, Zulu, koma TRUE ndi FALSE alipo 8. 4 ndi 8 sizingayang'anizane, ndiye Excel imakupatsa `#VALUE!` osakuuza chifukwa. Uyenera kupeza manambala 4, imodzi pa dzina lililonse, otsatana mmene mayinawo atsatirana.

Manje apa ndi pamene SUMIFS inandidabwitsa. Tonse tinaizolowera kuti umaipatsa dzina limodzi, imakupatsa nambala imodzi, ndalama zonse za dzinalo, n'kukokera pansi. Koma ukaipatsa mndandanda wonse wa mayina pamalo pa dzina limodzi lija, imakubwezera mndandanda wa manambala wotalika chimodzimodzi, woyamba wa dzina loyamba, wachiwiri wa lachiwiri. Yesani pang'onopang'ono, loyamba mu G2, lachiwiri mu H2, lachitatu mu J2:

```
=UNIQUE(A2:A9)
=SUMIFS(B2:B9, A2:A9, G2#)
=FILTER(G2#, H2#>E1, "palibe")
```

Kachizindikiro ka `#` pambuyo pa G2 kakutanthauza zonse zimene zatayikira kuchokera mu G2, kaya ndi 4 kaya mawa zikhala 40. Mu H mutuluka 5500, 13500, 2100, 5000. Kuyerekeza ndi E1 kukupereka TRUE, TRUE, FALSE, FALSE, zinayi pa zinayi, ndipo mu J mutuluka Banda ndi Phiri. Zoona nditaona Banda watuluka ndinapuma.

A Zulu ali pa 5000 ndendende ndiye atsala panja chifukwa talemba `>`. Ngati abwana akuti "kuyambira K5,000" ndiye ikani `>=`. Afunseni, musawaganizire. Mawu akuti "palibe" kumapeto aja ndi oti pakasowa wodutsa malire, mwachitsanzo mutasintha E1 kukhala 20000, muone mawuwo m'malo mwa `#CALC!` imene imaopsa anthu pachabe.

Zikagwira m'makolamu atatu ndiye mutha kuzimanga pamodzi ndi LET, ndipo ine LET ndimaikonda mopitirira, olo fomula yaing'ono ndimafuna ndiiike mu LET:

```
=LET(mayina, UNIQUE(A2:A9),
     zonse, SUMIFS(B2:B9, A2:A9, mayina),
     FILTER(mayina, zonse>E1, "palibe"))
```

Mukuona kuti ikuwerengeka ngati chiganizo, mayina ndi awa, zonse zawo ndi izi, ndipatse amene zonse zawo zadutsa. UNIQUE yalembedwa kamodzi chabe, ndipo ukafuna kuona pamene pavuta umangosintha mzere womaliza kukhala `zonse` kuti uone manambala apakati. Mnzanga wina m'kalasi amati PivotTable imachita zomwezi popanda kulemba kalikonse, umangoika sefa pa ndalama. Inde imachita, koma ukawonjezera lisiti latsopano uyenera kukumbuka kudina Refresh, ukaiwala wapereka mndandanda wadzulo. Fomula imasintha yokha pomwepo, bola lisitilo lili mkati mwa maselo amene ikuwerenga. Kwa ine nkhani yathera pamenepo, olo iye sakuvomereza.

Pali njira inanso yaifupi imene ndinaiona kwa wina, `=UNIQUE(FILTER(A2:A9, SUMIFS(B2:B9,A2:A9,A2:A9)>E1))`, imene imawerengera mzere uliwonse zonse za mwini dzina, mizere 8 pa 8, kenako n'kuchotsa obwereza. Yankho ndi lomwelo. Koma ikuwerengera a Banda katatu pamene kamodzi kakwana, ndiye pa malisiti masauzande laputopu yakale iyamba kuchedwa.

Chimene chimandinyasa ndi chakuti m'kalasi amatipatsa manambala oyera, otaipidwa bwino, ndipo ba ticha amathamanga ati silabasi ndi yaitali, mwafunsa funso akuti tikambirana sabata ya mawa, sabata ya mawa malaiti apita kalasi yatha msanga. Pamene fayilo yeniyeni ya pa shopu imataipidwa ndi anthu atatu osiyana, wina pa foni. Ndipo mavuto amene amapha fomula iyi sabweretsa uthenga wofiira ayi, mndandanda umatuluka wooneka bwino koma wabodza.

Tengani lisiti lachitatu la a Banda, la 1700. Wotaipa akasiya kampata kumapeto kwa dzina, maso saona kusiyana, koma UNIQUE ikuona anthu awiri. Banda mmodzi akhala ndi 3800, Banda wa kampata akhala ndi 1700, onse awiri pansi pa 5000, ndipo a Banda asowanso pa mndandanda. Umazindikira poyang'ana G2#, ukaona dzina limodzi latuluka kawiri ndiye pali kampata kapena kalembedwe kosiyana. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizivuta, BANDA ndi Banda Excel imawatenga ngati mmodzi. Ndiye munthu amaganiza kuti angoika TRIM mkati mwa UNIQUE, mayina n'kuoneka 4 bwinobwino, koma SUMIFS ikufufuzabe mu A mmene kampata kakadali, ndiye ikupereka 3800, vuto labisala kuposa poyamba. Kuika TRIM mkati mwa SUMIFS pamalo pa A2:A9 nakonso Excel imakana, chifukwa pamenepo imafuna maselo enieni a pa shiti osati mndandanda wowerengedwa m'mutu. Dzina lofufuza lokha ndi limene limaloledwa kukhala mndandanda. Chochita ndi kutsegula kolamu C ya `=TRIM(A2)`, kukokera pansi, n'kulozetsa UNIQUE ndi SUMIFS zonse ku C.

Lina ndi nambala imene inalowa ngati mawu, zimachitika kwambiri ukakopera kuchokera kwina kapena wina akalemba K patsogolo. Ili ndi loseketsa chifukwa limanamiza mafomula awiri aja mosiyana. SUMIFS imangoilumpha nambala yotero, ndiye 1700 ya a Banda ikakhala mawu abwereranso pa 3800. Koma pa fomula ya pa bolodi ija, Excel poyerekeza imatenga mawu alionse kukhala aakulu kuposa nambala iliyonse, ndiye 900 ya a Tembo ikakhala mawu, `B5>E1` ikupereka TRUE, a Tembo alowa pa mndandanda wa ogula kwambiri ndi K900 yawo. Poyesa ndimayerekeza `=COUNT(B2:B9)` ndi `=COUNTA(B2:B9)`, yoyamba imawerenga manambala okha, yachiwiri chilichonse cholembedwa, zikasiyana pali selo yodwala, kawirikawiri ndi ija yatsamira kumanzere.

Za `#SPILL!` mukuzidziwa, pansi pali kanthu katchinga. Chongowonjezera ndi chakuti mukasandutsa malisiti kukhala tebulo ndi Ctrl+T, zimene ndi bwino kuti mizere yatsopano izilowa yokha osasintha A2:A9 tsiku lililonse, fomulayo ilembeni kunja kwa tebulo, mkati siitayikira. Komanso gawo lachitatu la UNIQUE musalikhudze, mukaikapo TRUE imatulutsa okhawo amene aoneka kamodzi kokha, pa manambala athu mutsala ndi a Zulu okha, a Banda, a Phiri ndi a Tembo atayidwa chifukwa chobwera kawirikawiri.

Pamene ndikadali njakata ndi pa dzina lenilenilo. Ku Lusaka kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambirimbiri, awiri osiyana akagula 3000 aliyense fomula iwaphatikiza kukhala kasitomala mmodzi wa 6000, ndipo palibe TRIM imene ingakonze zimenezo. Nambala ya foni ingathandize koma anthu ali ndi masimu awiri atatu, lero apereka iyi mawa ina. Kupatsa aliyense nambala yake ya kasitomala ndiye njira, koma ndani pa kauntala adzakhala akufufuza nambala pamene mzere wafika pakhomo? Ndiye pali kompyuta ya pa shopu imene ndimathandizako, ili ndi Excel 2016, mulibe FILTER, UNIQUE kapena LET, fayilo ikatsegulidwa kumeneko mafomula amaoneka ndi `_xlfn.` patsogolo ndipo sangawerengenso zatsopano. Kaya ndiziwatumizira mndandanda wokopera manambala okha sabata iliyonse, kaya ndingogonja ndiwapangire PivotTable ya mnzanga ija, sindinasankhe, ndipo ya PivotTable ikundiwawa kuvomera.