Shawa yabwerera: laimu anabisala kuseri kwa kasefa

Shawa ya kubafa lalikulu yayambanso kutulutsa madzi bwino, ndipo ndati ndilembe zonse zisanandichoke m'mutu, makamaka chifukwa cha inu anzanga amene mumagwiritsa ntchito madzi a pachitsime chokumba ndi makina ngati ine. Kwathu kuno kunja kwa Lilongwe timapopa madzi kupita m'thanki imene ili pa sitandi ya mamita 6, kenako amatsika okha. Mutu wa shawa uli pa mamita 2 kuchokera pansi, ndiye madzi amene akukankha ndi a mamita 4 basi. Poti mamita 10 ndiye amapereka baa imodzi, muyeso wa pulesha ya madzi, ine ndili ndi pulesha yosafika ndi theka la baa. Ndi pulesha yotere, kabowo kalikonse kakangochepa pang'ono umadziwa tsiku lomwelo.

Zinayamba pang'onopang'ono. Timabowo tina tinkalasa madzi cham'mbali mpaka kukhoma, tina tinkangodontha, ndipo m'mphepete mwake munali zoyera zolimba zimene sizinkachoka ndi sopo. Ndisanakhudze chilichonse ndinayeza ndi ndowa ya malita 10. Mutu uli pomwepo, ndowa inadzadza pa mphindi 4, kutanthauza malita awiri ndi theka pa mphindi. Nditaumasula n'kusiya paipi yokha, ndowa yomweyo inadzadza pa masekondi 50, amene ndi malita 12 pa mphindi. Kuyeza kumeneku musamakudumphe. Madzi akakhala ofooka ngakhale mutu utachotsedwa, vuto lili kwina, mwina pa vavu, m'paipi kapena pathanki, ndipo viniga sangakuthandizeni. Kwa ine zinaonekeratu kuti chotchinga chili m'mutumo.

Zoyerazo ndi laimu, zofanana ndi nkhoko zimene zimamata pansi pa ketulo. Madzi a pansi pa nthaka amakhala atasungunula kashiamu ndi magineziyamu wa m'miyala. Akatenthedwa, kapena akaumira pa timabowo munthu akatha kusamba, kashiamuyo amatsalira n'kulimba. Asidi wofatsa amamusungunula, ndipo umaona tithovu tikukwera, umene ndi mpweya wotuluka pamene laimu akudyeka.

Ndinayamba ndi njira imene aliyense amaitchula: kuthira viniga woyera m'jumbo, kuveka mutu wa shawa, n'kumanga ndi mphira. Kunja kunayera bwino ndithu, kulomu n'kumawala. Koma nditayezanso ndi ndowa, nthawi inangotsika pang'ono, kufika mphindi zitatu ndi theka. Apa ndi pamene ndinakakamira masiku angapo. Ndinkaganiza kuti mwina viniga wachepa mphamvu, koma masamu amakana. Viniga wa m'sitolo amakhala ndi asidi 5 peresenti, ndipo lita imodzi ikhoza kusungunula laimu wokwana magalamu pafupifupi 40. M'mutu wa shawa mulibe laimu wochuluka choncho. Vuto ndi loti mutu ukayang'ana pansi, m'kati mwake mumatsekeka mpweya. Viniga amanyowetsa nkhope ndi milomo ya timabowo, koma sakwera m'kati, ndipo safika n'komwe kukhosi kumene madzi amalowera.

Ndiye ndinaumasula wonse. Mazinga ake ndi a theka la inchi monga mitu yambiri. Ndinakulunga nati ndi kansalu ndisanaike sipanala kuti kulomu asakalike, ndipo dzanja lina linagwira paipi yochokera m'khoma. Paipi imeneyo igwireni zolimba, chifukwa ikapota ndi kumasuka m'kati mwa khoma, ntchito ya viniga imasanduka ntchito yogumula matailosi. Kukhosi kwa mutuwo kunali washala wa labala wokhala ndi kasefa ka waya, ndipo kuseri kwake kunali kapulasitiki kokhala ndi timabowo ting'onoting'ono kochepetsa madzi. Kasefako kanali kodzadza ndi tizibenthu toyera, ndipo timabowo ta kapulasitiki tinali titatsala pang'ono kutsekekeratu. Zonsezi jumbo ija sinazikhudze.

Ndinatulutsa washala ndi kapulasitikiko ndi kawaya kopinda, n'kuziika m'kapu yazokha. Mutuwo ndinauika m'beseni nkhope itayang'ana pansi, khosi m'mwamba, n'kuthira mankhwala kudzera kukhosiko mpaka mpweya wonse utatuluka ndipo mutu wamira. Ulendo uno sindinagwiritse viniga koma sitiriki asidi wa ufa, masipuni awiri aakulu, magalamu pafupifupi 30, mu lita imodzi ya madzi ofunda. Ndikuti ofunda oti chala chikhoza kukhalamo, osati owira. Madzi owira amapinditsa mitu ya pulasitiki ndi kuononga malabala, komanso sitiriki asidi akatentha kwambiri pali laimu wambiri amasiya zoyera zina zimene zimavuta kuchotsa. Viniga amagwiranso ntchito chimodzimodzi, kungoti amachedwerapo ndipo fungo lake limadzadza nyumba yonse. Madzi a mandimu osefa amathandiza pa laimu wochepa.

Tithovu tinayamba nthawi yomweyo. Ndinkagwedeza mutuwo pakapita mphindi zingapo kuti mpweya umene ukupangika m'kati utuluke, apo ayi umakankhanso mankhwala kunja. Patatha ola limodzi ndinataya, n'kukhecha ndi mswachi wakale, n'kusakaniza ena atsopano. Chizindikiro chake n'chosavuta: ukathira atsopano ndipo tithovu sitikuonekanso, laimu watha. Timabowo ta mutu wanga ndi ta labala yofewa, choncho ndinangotikita ndi chala ndipo zotsalira zinasweka. Amene mitu yanu ili ndi timabowo ta chitsulo kapena pulasitiki yolimba, gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano. Singano ndi pini zimakulitsa bowo, ndipo madzi amayamba kulasa mokhota mpaka kalekale. Pomaliza ndinatsuka mobweza, kulowetsa madzi a pampope kuchokera kunkhope kuti zinyalala zitulukire kukhosi.

Pali zinthu zimene ndikupemphani musayese. Musasakanize viniga kapena sitiriki asidi ndi jiki, chifukwa zimatulutsa mpweya wa kulorini umene m'bafa lotseka ukhoza kukupwetekani mapapo. Kuthira soda m'viniga kumachita thovu lambiri losangalatsa m'maso, koma sodayo amapha asidi, ndiye mumatsala ndi madzi opanda mphamvu yodya laimu. Asidi wa m'batire ndi asidi wotsukira simenti pa matailosi amadya kulomu ndi chitsulo cha m'kati. Ndipo ngati mutu wanu ndi wakuda, wagolide kapena wa bulasi, musapitirire mphindi 30 pa ulendo umodzi. Ndi bwino kubwereza kusiyana n'kusiya usiku wonse. Mankhwalawa asagwerenso pa miyala ya mabo kapena telazo, chifukwa amasiya banga.

Nditabwezera zonse, ndinakulunga tepi yoyera pa mazinga motsata kumene nati imapita pomanga, n'kumanga ndi dzanja, sipanala kungokhudza pang'ono. Kapulasitiki kochepetsa madzi kaja sindinakabwezere. Kanapangidwira nyumba za pulesha yaikulu, ndipo pa mamita 4 anga kamangolanda madzi amene ndilibe kale. Kasefa kokha ndiye ndinakabwezera. Ndowa inadzadza pa mphindi imodzi ndi masekondi 15, malita 8 pa mphindi, timabowo tonse tikulasa molunjika.

Koma sabata isanathe madzi anayambanso kufooka, makamaka ndikatsegula otentha. Nditamasula ndinapeza timabowo tili toyera, koma kasefa kadzadzanso tizibenthu. Laimu sangamere msanga choncho, ndiye tizibenthuto tinkachokera kwina. Ndinatiika m'kapu n'kuthira viniga. Kuyesa kumeneku kumathandiza kwambiri: zikachita thovu n'kusungunuka ndi laimu, zikangokhala pansi osasintha ndi mchenga wochokera m'chitsime, ndipo zofiirira zimene zimadetsa chala ndi dzimbiri la mapaipi achitsulo. Zanga zinasungunuka pafupifupi zonse. Ndinatunga madzi ozizira okha m'ndowa, pansi panalibe kanthu. Nditatunga otentha okha, tizibenthu tinakhazikika pansi.

Gwero lake ndi giza ya sola ya machubu imene ili padenga. Laimu amadzipatula msanga madzi akapitirira madigiri 60, ndipo giza yotere ilibe chodula moto. Dzuwa la Okutobala likaomba, madzi amatsala pang'ono kuwira. Laimu amamata m'thanki ya giza ndi m'machubu, kenako kutentha ndi kuzizira kwa usana ndi usiku kumamusweratu n'kumagwa tizibenthu. Amene muli ndi giza ya magetsi muli ndi mwayi, mukhoza kuika thamositati pa 60. Musatsitse kwambiri pofuna kuthawa laimu, chifukwa madzi ongofunda amene akhala m'thanki amaswanitsa tizilombo toyambitsa chibayo.

Pakadali pano ndaika sefa ya bulasi ija yooneka ngati mphanda pa paipi ya madzi otentha, pamalo ofikika popanda makwerero, pakati pa mavavu awiri. Ndikafuna kuyeretsa ndimangotseka mavavu, kumasula kachivindikiro, n'kutsuka kawaya. Ndinaigula kwa bambo wina wa hadiweya ku Malangalanga amene ndakhala ndikugulako kuyambira pamene ndinkamanga sitandi ya thanki. Ndimawakonda chifukwa amakupatsa zipangizo ziwiri m'manja kuti umve kulemera kwake, udziwe wekha bulasi weniweni ndi chitsulo chongopakidwa utoto. Ndi iwowo amene anandilangiza nthawi ija kuti paipi yotsika kuchokera kuthanki ikhale ya inchi imodzi mpaka pafupi ndi bafa, ndipo ndi chifukwa chake ndimapezabe malita 12 pa pulesha yochepa chonchi. Sitiriki asidi ndimagula kwa ogulitsa zipangizo zophikira makeke, ndipo paketi imodzi imakwanira shawa, ketulo ndi timasefa ta mipope ya kukhitchini.

Sefayo ikugwira tizibenthu, koma laimu wosungunuka m'madzi amadutsabe, choncho kuviika mutu kudzafunikabe, mwina miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Chimene chikundidikira ndi gizayo. Ndikufuna kudzaikhuthula, kuzula machubu limodzilimodzi m'mamawa asanatenthe, n'kuwatsuka onse pamodzi ndi thanki yake. Ndiyenera kupeza kaye malabala atsopano a pakamwa pa machubu, chifukwa akale akazulidwa nthawi zambiri sagwiranso bwino. Ndikuganiziranso zogula timapepala toyezera kuchuluka kwa laimu m'madzi, ndipo ngati nambala idzakhale yaikulu, ndidzamange chofewetsa madzi chogwiritsa ntchito mchere pansi pa sitandi. Penanso ndikhoza kuika thanki ina ya madzi a mvula kuti izidyetsa giza yokha. Ngati alipo amene anazulapo machubu a giza yotere osaswa, ndiuzeniko mmene munafewetsera malabala ake.