Teni peresenti yomwe inasanduka seveni

Lolemba kunabwera mayi ena atagwira pepala la kubanki, maganizo atamanga kale. Anali ndi ndalama zokwana 1,000,000, ndipo banki imawalonjeza chiwongoladzanja cha 10 peresenti akazisungitsa kwa chaka. Masheya omwe tinakambirana mwezi watha timayembekezera kuti apereka dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, ya 3 peresenti, mtengo wake n'kukwera ndi 6 peresenti. "Bambo, teni ndi naini, chovuta n'chiyani pamenepa?" anatero.

Ndinawapempha kuti andipatse masiku awiri, chifukwa manambala onsewo anali asanakumane ndi msonkho. Mayiwa amalandira malipiro apamwamba, choncho chiwongoladzanja chawo chimadulidwa 30 peresenti. Pa 100,000 ya kubanki, 30,000 ipita, atsala ndi 70,000. Dividendi yawo imadulidwa 10 peresenti, ndiye pa 30,000 atsala ndi 27,000. Phindu la kukwera mtengo kwa masheya limadulidwa 15 peresenti: pa 60,000 atsala ndi 51,000. Masheya onse pamodzi abweretsa 78,000, kuposa banki yomwe imaoneka ngati yatsogola.

Chomwe ndimafunitsitsa kuti amvetse ndi nthawi yolipira. Msonkho wa chiwongoladzanja umadulidwa chaka ndi chaka, ndipo ndalama yomwe yapitayo sidzaberekanso. Wa kukwera mtengo umadikira tsiku logulitsa. Akapanda kugulitsa kwa zaka khumi, 9,000 ya msonkho wa pa 60,000 ija ikhala ikuwagwirirabe ntchito nthawi yonseyo.

Lachitatu ndinapeza cholakwa changa. Pokonza tebulo ndinatenga dividendi yomwe inalowa muakaunti yawo chaka chatha pa masheya ena n'kuidulanso msonkho, chonsecho kampani inali itadula kale isanatumize. Ndinazindikira nditachulukitsa dividendi ya sheya imodzi ndi chiwerengero cha masheya awo: zomwe zinatuluka zinali zambiri kuposa zomwe zinalowa muakaunti, ndipo kusiyanako kunali ndendende 10 peresenti. Zinandipweteka mtima, chifukwa kulakwitsa kotere kumaipitsa chinthu chabwino pamaso pa kasitomala.

Lachinayi tinakhala pansi. Ndinawauza mosabisa kuti 70,000 ya kubanki ndi yolonjezedwa, pomwe 51,000 ija ndi chiyembekezo chabe. Mtengo ukangoima osakwera, atsala ndi 27,000 yokha, ndipo buloka, yemwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, naye adula yake pogula ndi pogulitsa. Anasankha kuika kubanki ndalama zomwe azifune chaka chamawa, zotsalazo n'kugula masheya.

Lachisanu anabwera ndi achemwali awo opuma pantchito, akufuna tichite chimodzimodzi. Koma awa chiwongoladzanja chawo chimadulidwa 10 peresenti basi, ndiye kubanki atsala ndi 90,000, kuposa 78,000 ya masheya, popanda kugona tulo tochepa. Ndinawasonyeza mapepala awiriwo moyandikana, ndipo anayang'anitsitsa kwa kanthawi asanafunse komwe asainire.